Mphindi 10 zatha, inu mukadali pakati pa phunziro: konzani pulani, osati liwiro

Teremu iliyonse ndimaona zomwezi pa maikolotichingi, kaphunziro kakafupi koyeserera luso limodzi la kuphunzitsa. Wophunzira zauphunzitsi waima kutsogolo kwa anzake 8, choko m'manja, pulani ya masamba atatu ili pa tebulo. Wapereka moni, walemba deti ndi mutu pa bolodi, wakumbutsa za dzulo, wayamba kufotokoza. Foni ya wosunga nthawi ikulira. Iye akucheuka ndi nkhope yodandaula: "Aphunzitsi, ndipatseniko mphindi ziwiri zokha ndimalize." Tikakhala pansi ndimamufunsa luso lomwe amayeserera, iye n'kuti kufunsa mafunso. Mnzake amene amawerenga kuchuluka kwa mafunso akutsegula kope: mafunso analipodi, koma ambiri anali "Tili pamodzi?" ndi "Mwamva?", ndipo onse anayankhidwa ndi "Eee" wa kalasi yonse.

Anthu ambiri akaona zimenezi amati vuto ndi kuchedwa, ndiye ulendo wachiwiri amaphunzitsa chothamanga ngati wanjinga amene akuthawa mvula pa msewu wa ku Mwami. Nthawi imawakwanira, koma luso silioneka ndithu. Vuto linayambira usiku uja ankalemba pulani.

Matenda ake ndi awa: mwatenga pulani ya phunziro la mphindi 40 n'kuifinya kuti ilowe m'mphindi 10. Muli mawu oyamba, masitepe anayi, ntchito ya m'magulu, ntchito yolemba, mawu otsiriza, mwinanso ntchito ya kunyumba. Chilichonse mwachipatsa kamphindi kake. Pamwamba mwalembapo kuti "Luso: kufunsa mafunso", koma mzere umenewo ndi chipewa chabe. Yesani izi: phimbani mzerewo ndi chala, mupatse mnzanu pulaniyo awerenge, ndipo mumufunse kuti mukuyeserera luso liti. Akalephera kutchula, kapena akatchula maluso atatu, pulaniyo ndi ya phunziro wamba lomwe lafupikitsidwa.

Maikolotichingi inayambira pa yunivesite ya Stanford ku America mu 1963, pansi pa Dwight Allen ndi anzake. Anachepetsa dala zinthu zitatu: nthawi, chiwerengero cha ana, ndi zomwe mphunzitsi akuyeserera. Munthu ankaphunzitsa mphindi zochepa, ankamva ndemanga, ankakonzanso pulani, n'kuphunzitsanso. Ife tinasunga kuchepa kwa nthawi ndi kwa ana, koma chachitatucho timachiiwala kawirikawiri. Mu phunziro la tsiku ndi tsiku mutu ndiye mwini nyumba, maluso ndi antchito ake. Muno zimatembenuka: luso ndiye mwini nyumba, mutu wangobwera kudzalipatsa pogwira.

Luso lomwe silingawerengedwe

Poyamba chepetsani lusolo. "Kufunsa mafunso" ndi munda waukulu kwambiri. Muli kufunsa momveka, kugawa mafunso kwa ana onse, kudikira mwana aganize, kufunsa mafunso ofuna kuganiza mozama, ndi kutsatira yankho la mwana ndi funso lina. Mphindi 10 sizingalime zonsezo. M'chitsanzo chomwe nditsate pano tisankha chomalizacho: mafunso ofufuza, ndiye kuti mwana akayankha, molondola kapena molakwa, simuthamangira kunena kuti "wakhoza" kapena "ayi, wina", koma mumakumba yankho lakelo.

Kenako lembani lusolo m'njira yoti munthu wokhala kumbuyo ndi pensulo athe kuliwerenga. "Ndidzafunsa mafunso abwino" sizingawerengedwe, pakuti ubwino wa funso aliyense amauona mwake. Lembani chonchi: pa yankho lililonse la mafunso anga akuluakulu atatu, ndidzafunsa funso lotsatira ndisanaweruze, ndidzafunsa chifukwa kosachepera katatu, ndidzapereka funso lothandiza kwa wolakwa kosachepera kawiri, ndipo ndidzapititsa yankho kwa mwana wina kosachepera kawiri. Tsopano mnzanu ali ndi madanga atatu oti aziikamo timizere. Zimenezi zimasinthanso ndemanga. M'malo mwa "munachita bwino, koma muzikweza mawu", mudzamva kuti "danga lachiwiri lilibe kanthu".

Pulani ikhale ndi zolinga ziwiri, ndipo muzilekanitse pa pepala. China ndi cha ana: zomwe adzatha kuchita phunziro likatha. China ndi chanu: zomwe inu mudzachita. Ambiri amalemba choyamba chokha chifukwa fomu ya pulani yomwe tinazolowera ili ndi malo a choyambacho basi. Ngati alekichala anu akufuna fomu yonse idzazidwe, idzazeni, palibe chifukwa cholimbana nawo. Koma onjezerani mzere wa cholinga chanu pamwamba, ndi danga lina kumanja komwe mudzalemba mbali ya luso yomwe ikuchitika pa sitepe iliyonse. Sitepe yomwe danga limenelo latsala lopanda kanthu muiyang'ane ndi diso lokayika.

Mutu wachuluka, kapena sukugwirizana ndi luso

Mayi wina wochokera ku Chadiza, yemwe ndinkamuyang'anira, anabwera ndi mutu wakuti "Mafulakishoni, Giredi 4". Mkati mwake munali tanthauzo la fulakishoni, maina a nambala ya pamwamba ndi ya pansi, kufananiza, ndi kuphatikiza. Imeneyo ndi ntchito ya masabata. Tinadula mpaka kutsala funso limodzi: pakati pa 1/2 ndi 1/4, chachikulu n'chiti, ndipo chifukwa chiyani?

Sitinasankhe funsoli chifukwa cha kufupika kokha. Tinalisankha chifukwa ana amalakwa pamenepa m'njira yodziwika: amati 1/4 ndi yaikulu poti 4 amaposa 2. Mwanayo sakulota, ali ndi lamulo m'mutu lomwe lamuthandiza kuyambira Giredi 1, ndipo lero lamugwetsa. Yankho lotere ndi lomwe mafunso ofufuza amafuna, pakuti pansi pake pali chinthu choti mukumbe. Yerekezani ndi mutu wakuti maina a maboma a m'chigawo cha Kum'mawa. Mwana akati Katete, mufufuzapo chiyani? Akudziwa kapena sakudziwa, nkhani yathera pomwepo. Mutu umenewo ungathandize poyeserera kugawa mafunso kapena kuyamikira mayankho, koma pa luso lathuli ndi chitsime chouma. Ngati mukuvutika kulemba mafunso otsatira, musadzione ngati mbuli msanga. Mwina mutu ndi umene sukulola.

Masamu a nthawi

Mphindi 10 ndi masekondi 600, ndipo funso limodzi lofufuzidwa bwino limadya ambiri kuposa momwe timaganizira. Tiwerenge. Kufunsa funso, masekondi 10. Kudikira, 5. Mwana kuimirira ndi kuyankha, 10. Funso lanu lotsatira ndi kudikiranso, 15. Mwana kufotokoza, 15. Kupititsa kwa wina, iye n'kuganiza n'kuyankha, 30. Takwana kale masekondi 85, ndipo palibe amene wakakamira, palibe amene wapita ku bolodi. Kunena zoona funso lotere limatenga pafupifupi mphindi ziwiri. Pulani yokhala ndi mafunso akuluakulu 10 yakuuzani kale kuti simudzafufuza ngakhale limodzi.

Kudikirako musakuone ngati nthawi yotayika. Mary Budd Rowe, pofufuza m'makalasi a sayansi ku America chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi ambiri amadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akafika pa masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana amatalika ndipo ana ambiri amayesa kuyankha. Mukaima kutsogolo masekondi atatu amatalika ngati mwaiwala mawu pamaliro. N'chifukwa chake liwu lakuti "dikira" liyenera kulembedwa mu pulani momwemo, pambuyo pa funso lililonse. Likapanda kulembedwa, pakamwa panu padzadzaza mpatawo pokha.

Ine ndimati konzani za mphindi 8 ndi theka. Yotsalayo idzadyedwa ndi zinthu zomwe sizilembedwa: choko chothyoka, mwana woyankha motsitsa mawu amene muyenera kumupempha abwereze. Deti, mutu ndi manambala lembani pa bolodi nthawi isanayambe kuwerengedwa, ngati alekichala alola. Nyimbo yotsegulira isiyeni. Kuombera m'manja kwa kalasi yonse pa yankho lililonse kusiyeninso. Ndi kokoma, koma ndi kwa luso lina, ndipo kukachitika kasanu kwadya funso lathunthu.

Pulani ya mayi uja itakonzedwa

Zipangizo zinali nzimbe ziwiri zotalika mofanana, zogula pa msika wa Kapata, imodzi yodulidwa kale pawiri, inayo panayi, zonse zobisidwa m'thumba. Kudula kale n'kofunika. Mpeni m'kalasi ndi nkhani ina, ndipo kudula nzimbe anthu akuyang'ana kumatha mphindi yathunthu.

Mphindi yoyamba: moni wachidule, ndi nkhani ya ziganizo ziwiri. Agogo amagula nzimbe imodzi pa tsiku. Tsiku lina adzukulu analipo awiri, tsiku lina anayi, ndipo amagawa mofanana. Apa danga la luso lilibe kanthu, ndipo n'chifukwa chake gawoli silipitirira mphindi imodzi.

Mphindi yachiwiri ndi ya funso lophweka: "Tsiku la adzukulu awiri, aliyense analandira gawo lanji la nzimbe?" Yankho loyembekezeka ndi theka. Funso lotsatira: "Wadziwa bwanji kuti ndi theka?" Kufufuza yankho lolondola koyambirira kuli ndi ntchito yake. Ana athu anazolowera kuti mphunzitsi akafunsanso ndiye kuti walakwa, ndipo amasintha yankho msangamsanga. Akaona kuti ngakhale wokhoza akufunsidwa chifukwa, mantha aja amachepa.

Kuyambira mphindi yachitatu mpaka kumapeto kwa yachisanu ndi pamene pali mtima wa phunziro, ndipo gawoli linatenga theka la tsamba. Funso: "Pa bolodi pali 1/2 ndi 1/4. Chachikulu n'chiti?" Dikira. Pansi pake anagawa tsamba m'njira zitatu, monga mphambano.

Mwana akati 1/4, mphunzitsi sanena kuti ayi, ndipo nkhope isanene m'malo mwake. Afunsa: "Tatiuza, waona chiyani kuti unene kuti 1/4 ndi yaikulu?" Mwana adzati 4 ndi wamkulu kuposa 2. Pamenepo funso lothandiza: "Pa nkhani ya agogo ija, 4 ameneyu akuwerenga chiyani?" Akati adzukulu, kapena zidutswa, funso lina: "Iweyo ukanakonda kukhalapo tsiku liti, la awiri kapena la anayi?" Palibe mwana wa kuno amene amalakwa funso limenelo. Kenako: "Ndiye ukutinji tsopano za 1/2 ndi 1/4?" Mwana amakonza yekha yankho lake, ndipo nzimbe zimatuluka m'thumba pambuyo pake, kudzatsimikizira zomwe wanena. Zikatuluka msanga, zimayankha funso m'malo mwa mwana, inu n'kutsala opanda chofufuza.

Mwana akati 1/2, afunsidwa chifukwa, kenako yankho lipita kwa wina: "Mnzako akuti 1/2. Koma 4 ndi wamkulu kuposa 2. Ukugwirizana naye?" Onani kusiyana kwa kupititsa kotere ndi "Wina? Wina?" amene timamva tsiku ndi tsiku. "Wina?" amataya yankho loyamba n'kupita kukasaka labwino. Kupititsa kwenikweni kumanyamula yankho loyambalo n'kulipereka kwa mwana wachiwiri kuti alione.

Njira yachitatu ndi yomwe ambiri salemba: mwana waima, wangoti chete, kapena wati "sindidziwa". Pulani inati: bwerera ku nkhani, funsa kuti "Nzimbe ikagawidwa kwa anthu ambiri, chidutswa cha aliyense chimakula kapena chimachepa?" Akakhalabe chete pambuyo pa funso lothandiza limodzi, muuze kuti amvetsere mnzake ndipo ubwereranso kwa iye. Ndipo ubwereredi. Mafunso atatu otsatizana kwa mwana amene wasowa chonena salinso kufufuza, asanduka bwalo la milandu kwa amfumu.

Mphindi ziwiri ndi theka zotsatira: funso lachitatu, lopanda nzimbe. "Nanga 1/3 ndi 1/5?" Apa m'pamene mumadziwa ngati ana agwira ganizo kapena angoloweza kuti theka ndi lalikulu. Njira zake ndi zitatu zomwe zija. Mphindi yomaliza, mwana mmodzi anena lamulo m'mawu ake, wina awonjezera. Palibe zolemba m'makope.

Pansi penipeni analemba funso lachinayi m'kabokosi, la m'thumba, loti lituluke pokhapokha nthawi ikatsala: "Kodi theka la nzimbe yaifupi lingachepe kuposa kota ya nzimbe yaitali?" Lingachepe, ndipo n'chifukwa chake nzimbe ziwiri zija zinayenera kufanana kutalika. Analembanso chomwe adzadule nthawi ikathina: kupititsa kwa pa funso lachitatu. Kusankhiratu chodula kumakutetezani kuti musadule mapeto, omwe ndi amene amafa nthawi zonse munthu akadzidzimuka.

Mafunso onsewa alembedwe liwu ndi liwu, m'chinenero chomwe mudzaphunzitsire. Ndaona mapulani olembedwa m'Chingerezi chosalala, mwini wake n'kudzaphunzitsa m'Chinyanja, akumasulira ali chiimire. Funso lomwe pa pepala linali limodzi limatuluka pakamwa katatu, lililonse losiyana pang'ono ndi linzake, ndipo mwana sadziwa loti ayankhe. "Funsani ana za mafulakishoni" si funso, ndi lonjezo lakuti mudzapeka funso pa nthawi yomwe mtima ukugunda kwambiri.

Anzanu amadziwa kale mayankho

Ili ndi vuto lomwe limagwetsa ngakhale pulani yabwino. Ku Stanford ankaphunzitsa ana asukulu enieni. Ife m'makoleji nthawi zambiri timaphunzitsana tokhatokha. Anzanu ndi akuluakulu omwe anamaliza Giredi 12. Mukafunsa za 1/2 ndi 1/4 adzayankha molondola, ndi chifukwa chake chomwe, m'masekondi asanu, ndipo mudzamaliza phunziro lonse pa mphindi yachinayi mukuyang'ana kudenga. Kapena zidzapita mbali inayo: wina adzafuna kusangalatsa anzake, n'kuyamba kulira kuti wina wamubera pensulo, phunziro n'kusanduka sewero.

Mankhwala ake alowe mu pulani. Lembani timakhadi, kamodzi pa munthu aliyense, mugawe musanayambe. Kena kakuti: ukhulupirira kuti 1/4 ndi yaikulu chifukwa 4 amaposa 2, ndipo usasinthe mpaka mphunzitsi akufunse funso lomwe lakutsimikizira. Kena: udziwa yankho koma sutha kufotokoza chifukwa. Kena: ndiwe wamanyazi, uyankha ukaitanidwa kokha. Otsalawo akhale ana wamba. Ngati n'kotheka mnzanu asakanize timakhadito n'kugawa yekha, kuti inu musadziwe amene watenga kati. Mukadziwa, mudzaloza amene ali ndi yankho lomwe mwalikonzekera, ndipo mudzakhala mukuyeserera kuloweza.

Kuyesa pulani musanalowe

Ikani foni pa tebulo, yambitsani wotchi, muwerenge pulani mokweza, mukusiya mpata weniweni pa "dikira" aliyense ndi pa yankho lililonse. Kuwerenga chamumtima kumanama, kumathera pa mphindi zitatu. Mukapitirira mphindi 9 muli nokha m'chipinda, m'kalasi mudzapitirira 10, ndiye dulani funso lathunthu, osati kumeta masekondi paliponse. Kenako tengani pensulo, muike mzere pansi pa mawu onse omwe inu mudzalankhule osakhala funso. Pa luso ili mizereyo isapitirire ziganizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Ikachuluka, mwalemba pulani ya kufotokoza.

Wowerenga timizere mumupatse pepala lake, la madanga atatu aja, ndipo mumupemphe chinthu chimodzi chowonjezera: alembe liwu loyamba lomwe latuluka pakamwa panu mwana atangoyankha. Wina ajambule ndi foni, ataima pambali kuti nkhope yanu ndi ya oyankha zizioneka.

Mayi wa ku Chadiza uja ataphunzitsa ndi pulani yatsopano anamaliza pa mphindi 9 ndi masekondi ochepa, ndipo anatuluka akumwetulira. Pepala la mnzake linanena zina. Kufunsa chifukwa, timizere tinayi. Kupititsa, tiwiri. Funso lothandiza, palibe. Mawu oyamba pambuyo pa yankho lolakwa anali "Aaa, taganizanso bwino", ndipo pa vidiyo anadziona akutulutsa nzimbe m'thumba mnzake wa khadi la 1/4 asanamalize n'komwe kunena kuti 4 amaposa 2. Funso lakuti "4 ameneyu akuwerenga chiyani?" linalipo pa pepala, koma linali pakati pa ndime yodzaza, ndipo maso ake sanalipeze.

Pokonzanso sitinasinthe mutu, nkhani ya agogo, kapena nthawi. Analemba funso lothandizalo ndi zilembo zazikulu pa mzere wakewake, ndipo thumba la nzimbe analiika pa zenera kumbuyo kwa kalasi, kuti kukalitenga kufune kuyenda masitepe angapo. Timakhadi tinatisakanizanso, ndipo anaphunzitsa gulu lina Lachinayi masana.